Mandasi ofiira kunja, aawisi mkati: vuto limayambira m'beseni

*Funso: Ndine mayi wa ku Dedza, ndimachita geni ya mandasi pafupi ndi sukulu ya pulaimale. Chiyambire Juni mandasi anga sakufufuma, akumalemera, ndipo ukanyema pakati pamakhala paliwisi ngakhale kunja afiira bwino. Ndimakanda fulawa wa makilogalamu awiri, shuga makapu atatu, yisiti paketi imodzi, ndi madzi otentha chifukwa kuno kukuzizira. Ndimadzuka 4 koloko, ndikakanda ndimadikira theka la ola n'kuyamba kukazinga pa mbaula. Amatuluka 40. Makasitomala ayamba kudandaula. Ndikulakwitsa pati?*

Mayi, mwachita bwino kulemba miyeso yanu, chifukwa ndi imene yandionetsa pamene pali vuto. Ndakhala ndikukazinga mandasi komanso kuphunzitsa amayi anzanga ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo dandaulo lanuli ndimalimva chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira. Musataye mtima. Manja anu ndi omwe aja amene ankatulutsa mandasi abwino mu Malichi, chimene chasintha ndi nyengo, ndipo miyeso imene inkakulolani nthawi yotentha pano yasiya kukulolani.

Choyamba ndikufuna muone kuti kusafufuma ndi kusapsa mkati ndi matenda amodzi. Mukaponya mandasi m'mafuta, kunja kumayamba kufiira nthawi yomweyo, pamene kutentha kumalowa mkati pang'onopang'ono. Ngati mtanda unafufuma bwino, mkati mwake mumakhala timabowo tambirimbiri ta mpweya, ndiye nthunzi imayendamo mosavuta n'kupsetsa pakati nthawi yomwe kunja kukufika pofiira. Koma mtanda wosafufuma ndi wothinana ngati dongo. Kutentha kumachedwa kudutsamo, kunja kumafika pa mtundu wokongola uja pakati pasanamve n'komwe moto. Inu mukaona afiira mumavuula, ndipo simulakwa, chifukwa mukawasiya apserera. Choncho tiyambire m'beseni, kenako tifike pa chiwaya.

Yisiti ndi chinthu chamoyo. Amadya shuga n'kumatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umafufumitsa mtanda. Monga chamoyo chilichonse, akazizidwa amachita ulesi, akatenthedwa kwambiri amafa. Madzi amene amawakonda ndi ofunda ngati osambitsira khanda, a madigiri 35 mpaka 40. Akafika cha m'ma 60 yisiti amafa, ndipo wakufa sadzukanso ngakhale mudikire tsiku lonse. Apa ndi pamene ndikukayikira madzi anu otentha aja. Ndikudziwa chimene chimachitika m'bandakucha wa Juni: zala zimakhala zitauma ndi chisanu, ndiye madzi ongophula kumene amamveka bwino m'manja. Zala zozizidwa zimanama. Yesani madziwo ndi chigongono kapena kuseri kwa dzanja. Ngati mungathe kuviika n'kuwerenga mpaka 20 osamva kuwotcha, ali bwino. Njira yosavuta ndi kusakaniza kapu imodzi ya madzi owira ndi makapu awiri a madzi ozizira a mu ndowa, kenako n'kuyesabe.

Musanakande mawa, yesani kaye yisiti wanuyo. Thirani madzi ofunda theka la kapu, kasupuni kamodzi ka shuga ndi kasupuni kamodzi ka yisiti, mutakase n'kusiya kwa mphindi 10. Wamoyo amachita thovu lokwera pamwamba ndipo amanunkhira ngati thobwa loyamba kusasa. Madzi akangokhala mbuu opanda thovu, mutayeni, musamuwonongere fulawa. Izi zimachitika kawirikawiri ndi yisiti wopimidwa m'timapepala, amene anachotsedwa m'paketi yaikulu yotsegulidwa kalekale n'kumakhala padzuwa pa benchi. Ine ndinaonongapo fulawa wa makilogalamu asanu tsiku la chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga chifukwa cha yisiti wotere. Ndinadikira maola atatu, mtanda uli chikhalire m'beseni. Kuyambira tsiku limenelo sindikanda ndisanayese, pokhapokha paketi ikhale yomata ndipo tsiku lake lisanadutse.

Tsopano shuga. Kapu ya mamililita 250 imalowa shuga pafupifupi magalamu 200, ndiye makapu anu atatu ndi magalamu 600 pa fulawa wa makilogalamu awiri. Ndi wambiri zedi, ndipo akukupwetekani kawiri. Anthu ambiri amaganiza kuti poti yisiti amadya shuga, ukachulutsa shuga afufumitsa msanga. Zimakhala zosiyana. Shuga akachuluka amakoka madzi, yisiti n'kutsala ndi ludzu, ndiye amagwira ntchito mochedwa kwambiri. Kupweteka kwachiwiri kuli m'mafuta: shuga ndi amene amafiiritsa mandasi, ndiye mtanda wa shuga wambiri umada msanga kunja. Taonani mmene zakhalira kwa inu. Shuga yemweyo wachedwetsa kufufuma, wafulumizitsa kufiira. Ndikudziwa kuti ana asukulu amakonda zotsekemera, koma kapu imodzi ndi theka pa makilogalamu awiri imakwana. Mukafuna kupitirira apo musadutse makapu awiri, ndipo mudziwe kuti muyenera kudikira nthawi yaitali komanso kuchepetsa moto. Mchere wokwanira umathandizanso kuti kutsekemera kumveke, ndiye musauiwale.

Nayi miyeso imene ndimagwiritsa ntchito pa fulawa wa makilogalamu awiri ngati ndikukanda ndi kukazinga m'mawa womwewo. Yisiti wouma wa timibulu uja, mapaketi awiri a magalamu 10. Shuga kapu imodzi ndi theka. Mchere timasupuni ta tiyi titatu kapena tinayi tosadzaza phiri. Mafuta ophikira kapena majarini wosungunula, theka la kapu. Madzi ofunda makapu anayi ndi theka, n'kusunga theka lina la kapu pambali, chifukwa fulawa amasiyana kamwedwe ka madzi: thumba lina limafuna ambiri, lina ochepa. Sakanizani mchere ndi fulawa kaye musanathire yisiti, kuti yisiti asagwere pa mulu wa mchere.

Pa madzi pomwepa ndiimepo pang'ono, chifukwa simunandiuze kuchuluka kwa amene mumathira, ndipo amayi ambiri amalimbitsa mtanda mopitirira. Mtanda ukamamata m'manja, mtima umathamangira kuwaza fulawa wina, kenako winanso, mpaka umasanduka gwa ngati nsima ya dzulo. Mtanda wolimba choncho mpweya wa yisiti umalephera kuukankha. Wa mandasi uyenera kukhala wofewa ngati nsonga ya khutu, womata pang'ono chala koma osatsalira. Ukamamata poyamba, pirirani. Pakani timafuta m'manja n'kupitiriza kukanda, mudzaona kuti pakatha mphindi zingapo ukuyamba kuchoka wokha m'mbali mwa beseni.

Kukandako kukhale kwa mphindi 10 mpaka 15, osati kungosakaniza kuti fulawa anyowe. Mu tirigu muli chinthu chonga ulimbo, chimene ophika buledi amachitcha guluteni. Mukamakanda, ulimbowu umalukana n'kukhala ngati ukonde wotanuka, ndipo ukondewo ndi umene umagwira mpweya kuti usathawe. N'chifukwa chake ufa wa chimanga sungafufume ngati wa tirigu ngakhale muuthire yisiti wochuluka bwanji: ulibe ulimbo umenewu. Amene amasakanizako ufa woyera kuti fulawa achuluke amapeza mandasi olemera pa chifukwa chomwechi. Kuti mudziwe kuti mwakanda mokwanira, dulani kamtanda kakang'ono n'kukatambasula pang'onopang'ono ndi zala. Kakatanuka mpaka kupyapyala moti kuwala kukuonekera, mwafika. Kakaduka msanga, bwererani pa beseni.

Tafika pa theka la ola lija. Ku Nsanje kapena ku Salima mu Okutobala, mtanda wa yisiti wokwanira ungathe kufufuma m'mphindi 40. Ku Dedza mu Juni, 4 koloko m'bandakucha, ndi yisiti wochepa ndi shuga wochuluka, theka la ola limatha yisiti asanayambe n'komwe ntchito. Wotchi isakulamuleni. Mtanda wafufuma pamene wakula kuwirikiza kawiri, ndipo njira yodziwira ndi kuika chizindikiro. Mukamaliza kukanda, upakeni timafuta pamwamba, muuike m'chidebe choyera, n'kulemba ndi makala kunja kwa chidebe pamene walekeza. Pimani kutalika komweko kupita m'mwamba mulembe mzere wachiwiri. Ukafika pa mzere wachiwiri, wakonzeka. Mutsimikize polowetsa chala mpaka pa mfundo yoyamba: bowo likatsala, kapena likamabwerera pang'onopang'ono, zili bwino. Likatsekeka msanga, sunafike. Mtanda wonse ukaphwa mutangoukhudza, ndiye kuti wapitirira. Vundikirani ndi chivundikiro kapena pulasitiki, pamwamba pake nsalu yochindikala, chifukwa mtanda ukauma pamwamba umachita chikhungwa chimene chimauletsa kukwera. Uikeni pafupi ndi mbaula, pamene mwendo wanu ungamve kufunda osawotchedwa, ndipo muzitembenuza chidebecho kuti mbali imodzi isaphikike. M'nyengo ino, ngakhale mwachita zonsezi, yembekezerani ola limodzi ndi theka kapena maola awiri.

Ndikudziwa kuti apa mukufunsa kuti ndiye ndizidzuka 2 koloko usiku? Ayi mayi, ndipo apa ndi pamene kuzizira kwa kwanuko kungakuthandizeni. Kandani madzulo. Mukamaliza kudya, cha m'ma 8 koloko, kandani fulawa wanu wa makilogalamu awiri ndi paketi imodzi yokha ya yisiti, yomwe mukugwiritsa ntchito kaleyo, ndi madzi ongofunda pang'ono. Ikani m'chidebe chachikulu chokhala ndi malo okwanira kuti mtanda ukule katatu, vundikirani, n'kusiya m'nyumba kutali ndi moto. Yisiti wochepa pa malo ozizira amayenda pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo pofika 4 koloko mupeza mtanda utafika pa mzere wachiwiri uja. Mandasi a mtanda wogona amakomanso kuposa a changu, amakhala ndi kafungo kabwino ndipo sauma msanga. Mtanda wogonekawu ukhale wa madzi, musathiremo mazira kapena mkaka. Usiku woyamba muone mmene zikhalire kunyumba kwanu, chifukwa nyumba zimasiyana kufunda: mukapeza sunafike pa mzere, usunthireni pafupi ndi mbaula kwa kanthawi, ndipo madzulo otsatira muonjezere kasupuni kamodzi ka yisiti. Koma kukayamba kutentha mu Seputembala, njira imeneyi muisamale. Mtanda ukagona pa malo otentha umafufuma n'kugwa, umanunkha ngati masese, ndipo mandasi ake amawawasa, amatuwa chifukwa yisiti wadya shuga wambiri, komanso amamwa mafuta. Nthawi imeneyo chepetsani yisiti kufika theka la paketi, kandani ndi madzi ozizira mochedwerako usiku, kapena bwererani kokanda m'mawa.

Pali sitepe ina imene simunaitchule, ndipo ndikukhulupirira kuti mumaidumpha monga amachitira ambiri. Mukatulutsa mtanda m'chidebe n'kuyamba kuudula ndi kuubulungiza, mpweya wambiri umathawa ndipo ukonde uja umakungika. Mukaponya m'mafuta nthawi yomweyo, mwaponya mtanda wothinana ngakhale unali utafufuma bwino. Timibuluto tiyenera kupuma ndi kufufumanso kachiwiri. Tiyaleni pa thebulo kapena pa thireyi yopaka timafuta, totalikirana, tivundikireni ndi pulasitiki kapena nsalu, tikhale mphindi 20 mpaka 30 pa malo ofunda. Mukanyamula kamodzi muyenera kumva kuti kapepuka, kali wofuwofu, ndipo mukakadina pang'ono chala chimasiya kachizindikiro kobwerera mochedwa. Mwa zonse zimene ndalemba pano, ngati mungagwirepo chimodzi chokha, gwirani ichi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zimenezi sizitayika, chifukwa ndi nthawi yomwe mukukoleza makala ndi kutenthetsa mafuta.

Alipo amene amakanda mtanda wamadzimadzi n'kumaufinya m'dzanja kuti utuluke pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kugwera m'mafuta. Amenewo safuna kufufumitsa kachiwiri chifukwa mtanda wotere sutaya mpweya wambiri, bola asautakase asanayambe kutapa. Koma ngati mumabulungiza kapena kudula ndi mpeni, kupumitsa sikudumphika.

Kukula kwa mandasi nakonso tikuone. Mukaphatikiza fulawa, shuga, madzi ndi zina, mtanda wanu umalemera pafupifupi makilogalamu atatu ndi theka kapena kuposerapo. Mukagawa kwa 40, lililonse likulemera cha m'ma magalamu 90. Ndi lalikulu kwambiri kwa mandasi obulungira. Kutentha sikulowa mkati mofanana ndi kukula: mukachindikalitsa chinthu kawiri, nthawi yoti pakati papse imachuluka pafupifupi kanayi, pamene kunja kumafiira pa nthawi yomwe ija. Gawani mtanda womwewo kuti mutuluke 60, kambulu kalikonse kofanana ndi dzira la nkhuku. Musaope kuti makasitomala aona ngati mwachepetsa. Kambulu ka magalamu 60 kofufuma bwino kamatuluka m'mafuta katatukumuka ndithu, kosasiyana kwenikweni ndi aakulu olemera amene mukugulitsa panowa, ndipo mwapindula mandasi 20 pa fulawa yemweyo. Kuti akhale ofanana, gawani mtanda panayi, gawo lililonse patatu, kenako kagawo kalikonse pasanu. Kufanana kumeneku n'kofunika chifukwa aakulu ndi aang'ono akalowa limodzi m'mafuta, ena amapserera ena asanapse. Mukabulungiza, kanikizani pang'ono ndi chikhatho kuti kakhale kophwatalala, kochindikala ngati chala chimodzi ndi theka. M'mafuta kadzatukumuka n'kubulungira kokha.

Tsopano pa chiwaya. Mafuta akhale akuya, osachepera zala zinayi, kuti mandasi aziyandama osagunda pansi. Ndikudziwa mmene mafuta akwerera mtengo ndipo aliyense amafuna kuthira ochepa, koma mafuta ochepa amatentha ndi kuzizira mofulumira, ndiye simungawalamulire, ndipo mandasi okhudza chitsulo amada pamene akhudzapo. Ngati mafuta anu ndi ochepa, kuli bwino kugwiritsa ntchito sefuliya yaing'ono yakuya n'kumakazinga ochepa pa nthawi imodzi, kusiyana ndi kuwamwaza m'chiwaya chachikulu.

Kutentha koyenera ndi madigiri 170 mpaka 180, ndipo kwa mandasi obulungira a shuga ndimakonda kukhala cha kumunsi, pa 170. Popanda choyezera, mtanda womwewo ndiwo umatiuza. Dulani kamtanda konga nsawawa muponyemo. Kakamira, n'kukwera pamwamba mutawerenga mpaka atatu, katazunguliridwa ndi timathovu ting'onoting'ono, ndipo n'kutenga pafupifupi mphindi yathunthu kuti kafiire, mafuta ali bwino. Kakakhala pansi phee, sanatenthe, ndipo mukaponyamo mandasi adzamwa mafuta ngati siponji. Kakangogwera n'kulumphira pamwamba ndi phokoso, n'kufiira musanawerenge mpaka 20, atenthetsa. Mafuta akayamba kufuka utsi ndiye kuti apitirira kutali. Phulani chiwaya, kapena thiranimo mafuta ena ozizira, mudikire, muyesenso.

Mbaula ilibe kabatani kochepetsera moto, choncho muyenera kuichenjerera. Moto wa makala umakalipa kwambiri akangomaliza kuyaka, ndipo mphepo ya m'mawa ikamawomba pa khomo la mbaula umakalipiratu. Ambiri amatereka mafuta nthawi imeneyo, ndiye gulu loyamba limatuluka lakuda kunja, laliwisi mkati. Dikirani makala achite phulusa loyera pamwamba. Musadzaze mbaula, makala akhale osanjikana pang'ono ndipo muwayale mofanana. Khomo la mbaula lifulatire mphepo, ndipo ngati lili ndi chitseko, muzitseka moto ukakula n'kutsegula ukachepa. Moto ukapitirira, panani makala awiri atatu muwaike pambali, kapena wazani phulusa pang'ono pamwamba pake. Poonjezera makala, ikani ochepa m'mbali pakati pa gulu lina ndi linzake, osadikira kuti moto uzime kenako n'kukhuthulira ambiri nthawi imodzi. Ngati mukukazinga pa nkhuni, malawi asamanyambite m'mbali mwa chiwaya. Kokerani nkhuni kunja mukazingire pa makala ake.

Poponya, musadzaze. Mandasi aliwonse olowa amaziziritsa mafuta, ndiye mukaponya ambiri kutentha kumagwa, amayamba kumwa mafuta, inu n'kukupiza moto, kenako mafuta n'kutenthetsa pamene akutsiriza. Siyani malo oti akule ndi kutembenuka. M'chiwaya chapakatikati, 8 kapena 10 ndi okwanira. Atsetserekereni m'mbali mofatsa, mbali imene inali pamwamba popuma iyang'ane pansi. Akangoyandama, pasanathe theka la mphindi, atembenuzeni koyamba asanafiire. Izi ambiri sazidziwa. Mukasiya mbali imodzi kuti ifiire kaye, ya pamwamba imatukumuka yokha, ndiye limalemera mbali imodzi n'kumakana kutembenuka. Mumalitembenuza, lokha n'kubwerera. Mukatembenuza msanga, khungu limagwira mbali zonse mofanana ndipo amakhala obulungira bwino. Pambuyo pake muziwatembenuza pafupipafupi. Chiwaya chimatentha kwambiri pakati pomwe pali pa moto, choncho muzisinthanitsa, a pakati apite m'mbali, a m'mbali abwere pakati.

Mandasi a kukula ngati dzira amafuna mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi m'mafuta. Nambala imeneyi ikhale mlonda wanu: akafiira pa mphindi ziwiri, musakondwe kuti ntchito ikufulumira, dziwani kuti moto wachuluka ndipo mkati simunapse. Akatha mphindi 10 akadali otuwa, moto wachepa. Akapsa amapepuka pa chipande, timathovu towazungulira timachepa, ndipo mukabaya kamtengo koyera mpaka pakati kamatuluka kouma. Tsiku lililonse perekani limodzi la gulu loyamba kuti likhale loyesera. Livuuleni, lisiyeni mphindi ziwiri, kenako mulinyeme. Kudikirako kuli ndi chifukwa: kutentha kumapitiriza kulowa mkati ngakhale mwavuula, ndipo longotuluka kumene limaoneka lonyowa pakati ngakhale litapsa.

Limene mwanyemalo liyang'anitsitseni, chifukwa limanena lokha chimene chalakwika. Ngati mkati monse muli mothinana, mopanda timabowo, ndipo pakati pali chibuluma chomata, vuto lili m'beseni: yisiti, madzi kapena nthawi. Ngati m'mbali muli timabowo tabwino tofewa koma pakatikati penipeni pali kadontho konyowa, mtanda unali bwino, vuto ndi moto wochuluka kapena kukula. Ngati lang'ambika n'kutulutsa mtanda m'mafuta, ndiye kuti khungu linauma msanga mkati mukufunabe kukula, zimene zimachitika mukaponya timibulu tosapuma m'mafuta otentha kwambiri. Ngati mafuta alowa mpaka mkati ndipo mukafinya akuchucha, mafuta anali ozizira kapena mtanda unafufuma mopitirira. Ndipo ngati mwapeza gulu lonse lafiira koma silinapse, musalitaye. Chepetsani moto kwambiri, libwezereni m'mafuta kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mukutembenuza. Silikongola ngati linzake, koma limadyeka.

Mafuta akale nawo amanamiza. Mafuta amene akazingidwa masiku ambiri amada, amachita thovu, ndipo amapaka mandasi mtundu wofiira msanga asanapse. Chimene chimawadetsa kwambiri ndi fulawa wowaza pa thebulo, amene amayoyokera m'mafuta n'kupserera pansi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti muzipaka mafuta m'manja ndi pa thebulo m'malo mowaza fulawa. Mukamaliza, mafuta akazizira, asefeni pa kansalu koyera n'kusunga motseka. Akayamba kununkha, kunanda kapena kufuka utsi pa moto wochepa, ntchito yawo yatha. Ndiponso mayi, poti mumakazinga kukadali mdima ndipo ana amakonda kudzaothera moto nyengo ino, mbaula ikhale pokhazikika ndipo iwo atalikire. Mafuta akagwira moto musathire madzi. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo.

Tsiku lina mungadzuke mochedwa kapena kupeza yisiti wafa. Pamenepo bekingi paudala amapulumutsa, koma malamulo ake ndi ena. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa thirani timasupuni ta tiyi 6 mpaka 8, musefere limodzi ndi fulawa kuti asaunjikane. Musakande kwambiri, ingosakanizani mpaka mtanda ugwirane, muupumitse mphindi 15 kapena 20. Mtanda wotere sufufuma m'beseni, umafufumira m'mafuta, choncho musaubulungize timibulu tikulutikulu. Upapatizeni ufike pochindikala ngati chala chaching'ono, muudule ndi mpeni. Soda musamuike m'malo mwa bekingi paudala: akachuluka amasiya kakomedwe ka sopo, mkati mumachita chikasu, ndipo amafiiritsa kunja msanga, kukubwezerani ku vuto lomwe lija.

Ndiye m'mawa wanu uziyenda chonchi. Mwakanda madzulo 8 koloko. Pa 4 koloko mwadzuka, mwapeza mtanda wafika pa mzere. Kolezani mbaula kaye, kenako gawani ndi kubulungiza timibulu 60, ntchito ya mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Yalani mwa dongosolo kuti mudziwe amene munayamba kuumba, chifukwa ndi amene ayenera kuyamba kulowa m'mafuta. Oyambawo aikeni pafupi ndi mbaula, omaliza akhale patali pozizirirako, popeza adikira pafupifupi ola lathunthu ndipo simukufuna kuti apitirire. Cha m'ma 4:45 makala achita phulusa, mafuta mwayesa, oyamba apuma mokwanira. Magulu 6 kapena 7 a mphindi zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo kanthawi kodikira kuti mafuta abwerere pa kutentha kwake, akufikitsani cha m'ma 5:45. Ovuula aikeni m'sefa kapena m'lichero loyala pepala loyera kuti mafuta akhe, osati pa nyuzipepala chifukwa inki imamatirira. Asiyeni apume mpaka nthunzi ithe musanawaike m'chidebe chogulitsira. Mukatsekera otentha amachita thukuta, khungu limanyowa, ndipo pofika pa sukulu a pansi amakhala ataphwanyika ndi kumata mkati moti wogula angaganize kuti sanapse. Ngati nthawi yakutherani, yalani kansalu koyera pansi pa chidebe ndipo chivundikiro muchisiye chotsegula pang'ono mpaka mutafika.